Sabata yoyamba ku Joni: mapepala a wophunzira ali ndi ndondomeko yake

Mphwanga atatsika basi pa Park Station mu Januwale, miyendo itatupa ndi ulendo wochokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, chinthu choyamba chimene anandipempha chinali cha kubanki. "Malume, mawa mundiperekeze ndikatsegule akaunti, ndalamazi zisagone m'chikwama." Ndinamuuza kuti kubanki tidzapita pomaliza. Anadabwa, koma umu ndi mmene zinthu zilili kuno. A banki amafuna kalata yosonyeza kuti mwalembetsa pa yunivesite. A yunivesite sangakulembeni musanadutse ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Ofesi imeneyo imafuna viza ndi inshulansi ya chipatala. Ndipo pafupifupi paliponse adzakufunsani umboni wa kumene mukugona. Pepala lililonse limatsegulira linzake khomo, ndiye mukayambira kumchira mudzangotha ndalama ndi maulendo opanda phindu. Ndikulemba izi poganizira inu amene mukubwera ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ, kumene chaka cha maphunziro chimayamba mu Febuluwale ndipo kalembera amachitika masabata angapo chisanayambe.

Tsiku lofika: chidindo, msewu ndi pulagi

Ntchito imayambira pachipata, kaya ndi pa Beitbridge kapena pabwalo la ndege la OR Tambo. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, ndipo anthu ambiri amene ali nanu pamzere akulowa mwa njira imeneyo. Inu musapereke pasipoti ili chitsekere. Itsegulireni pa tsamba limene pali viza yanu ya maphunziro, ndipo akakubwezerani musachoke pawindo musanawerenge chidindocho. Ngati akulemberani masiku 30 ngati mlendo wamba, nenani pomwepo mwaulemu. Kukonza zimenezi muli pawindo ndi nkhani ya mphindi zochepa, koma mukafika nazo ku Braamfontein zimasanduka mutu waukulu.

Werenganinso viza yeniyeniyo. Pamalembedwa dzina la sukulu imene mwaloledwa kuphunzirako ndi tsiku limene idzathe. Dzina lanu ndi nambala ya pasipoti zifanane ndi zimene zili pa kalata yokuitanani kusukulu, chilembo ndi chilembo. Ndipo ngati wina anakunamizani kuti ingolowani ngati mlendo, viza ya maphunziro mudzakonzera konkuno, dziwani kuti malamulo a kuno salola zimenezo. Viza yoyamba imafunsidwa muli kumudzi.

Kuchoka pabwalo la ndege, sitima ya Gautrain imakufikitsani ku Sandton, kumene mumasintha n'kukwera yopita ku Park Station. Wofika pa basi amatsikira pa Park Station pomwepo kapena m'misewu yoyandikana napo. Apa ndiye poyenera kusamala. Mlendo amaoneka patali, ali ndi zikwama ziwiri zikuluzikulu, maso ali mwazumwazu, foni ili m'manja. Konzani musananyamuke kuti wina adzakuchingamireni, ndipo mudikirireni mkati mwa siteshoni. Anyamata odzipereka kukunyamulirani katundu akaneni. Ngati muitana galimoto ya pa foni, dziwani kuti pafupi ndi masiteji a matakisi pamakhala kusamvana pakati pa madalaivala a mbali ziwirizi, choncho funsani alonda malo oyenera kukwerera.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamagwetsa ulesi usiku woyamba ndi pulagi. Ya kwathu ili ndi mano atatu amakona, pamene masoketi ambiri a kuno amalandira mano atatu obulungira. Mphwanga anagona foni itazima, mayi ake kumudzi akuda nkhawa usiku wonse. Adaputa imapezeka m'sitolo iliyonse yaikulu, ndipo ikhale chinthu choyamba kugula.

Tsiku lachiwiri: umboni wa kumene mukukhala

Apa ndichedwapo, chifukwa pepala limeneli ndi limene limasautsa Amalawi ambiri. Ngati mwapeza malo m'nyumba zogona za yunivesite, nkhani ndi yapafupi: ofesi yoona za malo ogona imakupatsani kalata yokhala ndi dzina lanu ndi adiresi. Ngati mwachita lendi m'nyumba za ophunzira za ku Braamfontein, Auckland Park, Melville kapena Doornfontein, umboni wanu ndi pangano la lendi losainidwa ndi inu komanso mwini nyumba. Musalipire dipoziti ya chipinda chimene mwangochiona pa zithunzi. Nyengo ya Januwale akamberembere amachuluka, amaika zithunzi za zipinda zimene si zawo, akalandira ndalama foni n'kuzima. Pitani mukachione ndi maso, mutsegule mpope, muyatse getsi, muyese loko.

Lamulo la kuno loona za nyumba za lendi, la 1999, lili kumbali yanu pa zinthu zingapo. Mwini nyumba ayenera kukupatsani risiti ya ndalama iliyonse imene mwalipira. Dipoziti yanu iyenera kusungidwa mu akaunti yobereka chiwongoladzanja. Komanso inu ndi iye muyenera kuyendera chipindacho limodzi musanalowe n'kulemba zonse zowonongeka. Gawo lomalizali ambiri amalidumpha chifukwa cha kutopa, kenako mu Novembala amadulidwa dipoziti chifukwa cha galasi limene analipeza litasweka kale. Jambulani makoma, chitseko, matiresi ndi mita ya magetsi tsiku lomwelo, zithunzizo muzitumize kwa mwini nyumba kuti tsiku lake lioneke. Funsaninso ngati magetsi ali mu lendi kapena ndi ogula mayunitsi nokha.

Koma ambiri a ife sitiyambira m'nyumba zoterezi. Timafikira kwa achibale, ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Mayfair, m'chipinda chakuseri chimene chilibe pangano lolemba. Mphwanga anafikira kwa ine, ndipo nyumba imene ndimakhala si yanga. Njira yake ndi afidaviti, kalata yolumbira. Tinapempha mayi eni nyumba, tinapita nawo kupolisi, iwo analemba pa fomu kuti mnyamatayu, mwini pasipoti nambala yakutiyakuti, akukhala pa adiresi yawo, wapolisi n'kudinda. Pa kalatayo tinaphatikizapo kope ya chitupa chawo ndi bilu ya khonsolo ya mwezi wapitawo yokhala ndi dzina lawo. Mapepala atatuwa akakhala pamodzi amagwira ntchito m'maofesi ambiri. Afidaviti yopanda bilu nthawi zambiri imabwezedwa, chifukwa palibe chosonyeza kuti wolumbirayo ndi wa pa adiresi imeneyo.

Muli kupolisi komweko, phani mbalame zonse ndi ulendo umodzi. Pitani ndi makope asanu kapena asanu ndi limodzi a tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, a tsamba la viza, ndi a masatifiketi anu, kuti akadinde kutsimikizira kuti akufanana ndi enieni. Ntchitoyi ndi yaulere, koma sadinda ngati simunabweretse mapepala enieniwo, ndipo makopewo mupangiretu kwina. Musadinditse mulu wa chaka chonse, popeza maofesi ambiri safuna chidindo chimene chapitirira miyezi itatu.

Mukatuluka apo, kaguleni simu khadi. Kuno simu siigwira ntchito isanalembetsedwe pansi pa lamulo limene aliyense amangolitcha RICA, ndipo amafuna pasipoti ndi umboni wa adiresi uja. Pitani m'sitolo yeniyeni ya Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C. M'misewu mudzapeza masimu olembetsedwa kale, otchipa, ogwira pompopompo. Asiyeni. Nambala imeneyi ndi imene mudzapereke kubanki ndi kusukulu, ndipo manambala achinsinsi otsimikizira malipiro azidzabwera pa iyo. Foni ikabedwa, simungabwezeretse nambala imene inalembetsedwa m'dzina la munthu amene simukumudziwa. Simu ya kumudzi musaitaye, ikhoza kufunika pa akaunti zanu za kwathu.

Tsiku lachitatu: ofesi ya ophunzira ochokera kunja

Wophunzira wakunja salembetsa mwachindunji ngati anzake a kuno. Pa dzina lake pamakhala chotchinga mu kompyuta, ndipo amene amachichotsa ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja akaona kuti mapepala ali bwino. Ku Wits ofesiyi ili mu Solomon Mahlangu House ku Braamfontein. UJ ili ndi makampasi anayi, awiri ku Auckland Park, ina ku Doornfontein, ina ku Soweto, ndiye onetsetsani pa kalata yanu kumene mukuyenera kupita. Masiku ano zambiri amalandira pa intaneti, komabe ine ndimati pitani ndi miyendo sabata yoyambayi, chifukwa cholakwika chimene chingadye masiku anayi pa imelo chimatha m'mawa umodzi mukaonana maso ndi maso. Lawirani. Ikamakwana 10 koloko mzere umakhala utafika panja.

Zimene amayang'ana kwenikweni ndi zitatu: pasipoti, viza yokhala ndi dzina la yunivesite yawo, ndi inshulansi ya chipatala, imene kuno amati medikolo edi. Iyenera kukhala ya bungwe lolembetsedwa mu South Africa pansi pa Council for Medical Schemes. Inshulansi ya paulendo yogula kumudzi siilandiridwa, ngakhale ikhale yodula bwanji. Ophunzira ambiri akunja amatenga ya Momentum kapena ya CompCare, chifukwa mabungwewa ali ndi mapulani opangira ophunzira.

Apa ndi pamene mphwanga anakodwa, ndipo ndifotokoze bwino chifukwa msampha wake suoneka. Pofunsira viza kumudzi anafunika kusonyeza medikolo edi, ndiye analipira miyezi 12 kuyambira pa 1 Novembala, poganiza kuti kufulumira n'kwabwino. Viza inatuluka popanda vuto. Koma miyezi 12 yoyambira mu Novembala imathera pa 31 Okutobala chaka chotsatira, pamene mayeso omaliza amalembedwa mu Novembala. Mayi wa pa desiki anayang'ana satifiketiyo, naloza tsiku lothera ndi cholembera, nati chotchinga sachotsa mpaka inshulansi ifike kumapeto kwa Disembala. Sanalakwitse. Mnyamatayo anayenera kuimbira bungwe lake, kulipira miyezi iwiri yowonjezera, n'kudikira satifiketi yatsopano pa imelo. Zinatenga masiku awiri, ndipo ndalama zake zinachoka pa za chakudya. Choncho usiku woti mawa mupita ku ofesiyi, tulutsani satifiketi yanu muone masiku awiri, loyambira ndi lothera. Onaninso kuti ndi satifiketi ya umembala yokhala ndi nambala yanu, osati risiti chabe kapena fomu yofunsira.

Pali mapepala ena amene amadalira digiri imene mwabwerera. Woyamba digiri yoyamba ndi masatifiketi akunja amafunika chikalata cha Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa. Wobwerera masitazi kapena kupitirira apo nthawi zambiri amafunsidwa chikalata cha SAQA chosonyeza mulingo wa digiri yake ya kumudzi. Izi zimayenera kukhala zitayambika muli kwathu, koma nyamulani masatifiketi enieni, popeza akhoza kufuna kuwaona ndi maso.

Kenako fizi. Malawi ali mu SADC, ndipo potsatira mgwirizano wa maiko a m'chigawochi pa za maphunziro wa 1997, timalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezera ndalama ya kalembera wa ophunzira akunja. Onani pa sitetimenti yanu kuti akuikani m'gulu la SADC. Kusiyana kwina n'kwakuti wophunzira wakunja amauzidwa kulipira gawo lalikulu la fizi asanalembetse, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa m'makalata amene sukulu inakutumizirani. Polipira, pa malo a refarensi lembani nambala yanu ya wophunzira monga mmene sukulu yanenera, osati dzina. Ndalama yopanda nambala imeneyi imalowa ndithu, koma imakhala yopanda mwini mpaka wina aifufuze. Ngati ndalama ikuchokera kubanki ya kumudzi, imatenga masiku angapo kuti ioneke, ndiye sungani umboni wa malipiro, wa papepala ndi wa pa foni. Amene akulipiriridwa ndi boma kapena bungwe abweretse kalata ya chaka chimenecho, osati ya chaka chatha.

Chotchinga chikachoka, kalembera weniweni sachedwa. Mumasankha maphunziro anu pa intaneti, n'kukajambulitsa khadi ya wophunzira. Pomwepo sindikizani makope atatu a kalata imene pa kompyuta imalembedwa kuti Proof of Registration. Khadiyo ndi imene imakutsegulirani mageti, laibulale ndi mabasi a sukulu oyenda pakati pa makampasi.

Tsiku lachinayi kapena lachisanu: tsopano banki

Lamulo lotchedwa FICA limakakamiza banki kudziwa kuti ndinu ndani ndipo mumakhala kuti. Nyamulani pasipoti yeniyeni yokhala ndi viza, kalata ya kalembera ija, umboni wa adiresi, ndi nambala ya foni ya kuno. Mabanki akuluakulu ndi Standard Bank, FNB, Absa, Nedbank ndi Capitec. Ine ndimalangiza kupita ku nthambi imene ili pafupi ndi yunivesite, chifukwa ogwira ntchito kumeneko anazolowera mapasipoti akunja. Funsani ngati muli oyenera akaunti ya ophunzira, ndipo funsani ndalama imene amadula pamwezi komanso potapa. Ngati muli ndi akaunti kumudzi kubanki ya dzina lofanana ndi ya kuno, musaganize kuti ndi imodzi. Muyenera kutsegula yatsopano.

Dziwaninso kuti banki imalemba tsiku lothera viza yanu. Mukadzawonjezera viza, kaperekeni kope yatsopano, apo ayi akaunti ikhoza kutsekedwa ndalama zili momwemo. Pa makina otapira ndalama musalole munthu aliyense kukuthandizani, ngakhale wovala bwino wolankhula mokoma. Amasinthanitsa makhadi m'kuphethira kwa diso. Tapani mkati mwa molo kapena pa kampasi, masana.

Masiku otsalawo: phunzirani njira yanu

Loweruka, yendani ulendo wa kunyumba mpaka kukalasi pamene mulibe changu. Ngati mumakhala kumene mabasi a sukulu amafika, vuto palibe. Basi ya Rea Vaya imadutsa ku Auckland Park ndi m'mbali mwa Wits, ndipo imalipiridwa ndi khadi yake. Minibasi, imene kuno amati takisi, ili ndi chikhalidwe chake. Ilibe kondakitala woitanira ngati za ku Limbe. Mumaimika ndi chala: kuloza m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti mukutsikira m'dera lomwelo. Ndalama mumapatsirana mzere ndi mzere kupita kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera n'kubweza chenje. Sabata yoyamba musakhale pampando umenewo. Khalani ndi ma R10 ndi ma R20, osati R200 m'mawa. Safunsa anadya phula: funsani mnzanu wa pampando mtengo ndi potsikira musanayende mtunda wautali.

Mumsewu foni ikhale m'thumba. Ambiri amalandidwa ataima pageti akuyang'ana pamene galimoto imene aitana yafika. Dikirirani mkati. Sungani mu foni 10111 ya apolisi, 112 ya ngozi iliyonse, ndi nambala ya alonda a pa kampasi imene mudzapatsidwe pa masiku olandira ophunzira atsopano. Masiku amenewo musawapeputse ngati zachibwana, chifukwa ndi kumene amakusonyezani kiliniki ya pa kampasi. Funsaninso a medikolo edi anu madokotala a pafupi amene ali pa mndandanda wawo, popeza mapulani a ophunzira amalipira kwa madokotala osankhidwa, ndipo mukapita kwina mukhoza kulipira za m'thumba. Ngati mwachokera kumadera a malungo monga kunyanja kapena ku Chikwawa ndipo thupi latentha m'masabata oyambawa, muuzeni dokotala kumene mwachokera. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye akhoza kuyamba kuganizira chimfine.

Apolisi ali ndi mphamvu yofunsa munthu mapepala ake. Sabata yoyamba muziyenda ndi pasipoti yeniyeni chifukwa maofesi akuifuna, koma ikhale m'kathumba kamkati, osati m'chikwama cha kumsana. Pambuyo pake ambiri timayenda ndi makope odindidwa aja pamodzi ndi khadi ya sukulu, yeniyeniyo ili pamalo pamene wina angaibweretse msanga itafunika. Pasipoti ikatayika, koyambira ndi kupolisi, kenako ku ofesi ya dziko lathu ya ku Johannesburg kapena ya kazembe ku Pretoria. Funsani pa kampasi za gulu la ophunzira a ku Malawi. Amene anafika chaka chatha ndi amene amadziwa nyumba zabwino ndi kumene kumapezeka usipa ndi ufa wonga wa kwathu.

Lamulungu madzulo ndinakhala pansi ndi mphwanga, pasipoti ili patebulo, tinalemba masiku mu kalendala ya foni yake. Loyamba ndi tsiku lothera viza, ndipo kuchokera apo tinawerenga chobwerera masiku 60, chifukwa pempho lowonjezera viza liyenera kuperekedwa kudzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a viza, pasanatsale masiku ochepera pamenepo. Iye anaika belu lina mwezi umodzi tsiku lopereka pempholo lisanafike, kuti apeze nthawi yosonkhanitsa makalata. Wopitirira tsiku la viza amaletsedwa kulowanso m'dziko muno kwa chaka chimodzi ngati sanapyole masiku 30, ndipo kwa zaka zisanu ngati wapyola, ndiye digiri ikhoza kuthera pa Beitbridge. Lachiwiri ndi tsiku lothera medikolo edi, lachitatu lothera pasipoti. Anandifunsanso za ganyu, popeza ndalama za chakudya zinali zitaperewera. Viza ya maphunziro imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Ndinamuuza kuti ayambe wafunsa pa kampasi pomwepo, kulaibulale kapena kudipatimenti yake, ndipo akapite ndi kope ya viza ndi nambala ya akaunti imene anatsegula Lachisanu.